Zelipa ndi Foni ya Apongozi

Zelipa, mnzanga wa pamtima, amagwira ntchito pa kashopu ka intaneti ku Kapata. Sanapite kukoleji, koma makompyuta amamumvera. Mwezi watha intaneti inayamba kukwawa Lachitatu lililonse, makasitomala n'kumathawa. A Sankhani, eni shopu, anati Zelipa amaonera mafilimu, ndipo zikachitikanso ntchito yatha. Ine ndinafuna kukawalalatira. Iye anati ndidikire Lachitatu.

Litafika, anatsegula tsamba la rauta, kabokosi kogawa intaneti, loonetsa zida zonse zolumikizidwa ndi data imene chilichonse chikudya. Makompyuta ankangonyambita. Foni ina yopanda dzina ndiyo inkatumiza zinthu mosapuma. Anazimitsa Wi-Fi pafoni iliyonse, imodziimodzi. Atafika pa imene inali patchaja, manambala anagwa.

Inali ya apongozi a Sankhani, mlimi wa ku Madzimoyo, amene amaisiya patchaja m'shopumo Lachitatu lililonse akamapita kumsika. Inkakweza yokha mavidiyo a kwaya kukasungidwa pa intaneti. Pasiwedi ya Wi-Fi anaikamo ndi a Sankhani omwewo.

"Mukawauze ndinu, abwana," anatero Zelipa.

"Apongozi? Ine? Iwe, ndiyambira pati?"

Zelipa anangoichepetsera liwiro foniyo pa rauta. Ntchito akugwirabe. Kupepesa, a Sankhani sanapepese mpaka lero.