Kalata Yomwe Achemwali Anasaina Ali pa Diripi

Koleji ndinaisiyira panjira, koma kwathu ku Senga Bay zimenezo n'zokwanira kukhala loya wa banja. Choncho achemwali atachotsedwa ntchito yochapa pa loji ina, anandipeza. Abwana awo ankati anawachenjezapo kale, ndipo anawapatsa fotokope ya kalata yowachenjezayo, yosainidwa m'dzina lawo. Achemwali ankakanitsitsa kuti sanasainepo.

Tisanakadandaule ku ofesi ya zantchito, ndinalemba mizere itatu m'kope: tsiku, chochitika, umboni. Ndinayambira pa nthawi yomwe achemwali anagonekedwa m'chipatala.

"Munadwala liti, achemwali?"

"Sabata ija mwera unaletsa asodzi kulowa m'madzi."

"Mwera sudinda chidindo," ndinayankha mwaulemu.

Tinafufuza mufoni, n'kupeza uthenga wopempha tchuthi uli ndi tsiku lake. Buku lakuchipatala linatipatsa tsiku logonekedwa ndi lotuluka. Zongokumbukira ndinazilembera kuti "mwina". Nditaika kalata ija pamalo pake, inagwera pakati penipeni pa masiku akuchipatala.

"Ndiye kuti ndinasaina ndili pa diripi?"

"Ndinu olimbikira ntchito, achemwali."

Ku Salima, mkulu wa muofesimo anawerenga tsambalo kawiri, n'kulemba kalata yoitanitsa abwana aja.