Nabatani ndi Tsiku la Ulendo wa Apongozi

Dzina loti Nabatani anamupatsa ndi amalume ake akali kamtsikana, tsiku limene anadina mabatani onse a wailesi yawo yatsopano mpaka inayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Atamufunsa chifukwa chake, mwanayo anangoti, "Ndimafuna ndione kuti chichitike n'chiyani." Kachala konyerenyetsa kameneko anakula nako, anakwatiwa nako, nabereka nako ana awiri. Ndipo poti chakudza sichiimba ng'oma, mapeto ake anapeza ntchito yolembedwa yodina mabatani.

Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ya zitsulo, kokwera ndi masitepe opapatiza onunkha penti. Munali tebulo limodzi lalitali, fani yolira ngati njuchi, ndi bokosi la nsapato lodzaza mafoni: aakulu, aang'ono, ena osweka galasi. Kampaniyo imapanga pulogalamu ya pafoni yogulira matikiti a basi. Inayamba m'Chingerezi, koma chaka chimenecho anaimasulira m'chinenero cha anthu ake. Ntchito ya Nabatani inali kuiyesa isanapite kwa anthu: kutsegula tsamba lililonse pafoni iliyonse, kuona ngati mawu akukwana pamalo pake, ngati zilembo zonse zikutuluka bwino, ngati madeti akuyenda. Iye akapanda kusaina, pulogalamu sinkatuluka pakhomo.

Womasulira anali bambo wina wopuma pantchito amene onse ankangoti Aphunzitsi, munthu wokonda mawu onona. Pa batani lina pamene Chingerezi chinali ndi kaliwu ka zilembo zinayi, iwo analemba kuti "Tsimikizirani kuti mwasungitsa malo anu." Pafoni panangooneka "Tsimikizirani kuti mwa" ndi timadontho titatu.

"Aphunzitsi, mawu anuwa miyendo yatulukira kunja kwa bulangete," anatero Nabatani akuwaonetsa foni.

"Ndiye kulitsani bulangete, mwana wanga. Chinenero chathu si cha anthu othamanga."

"Batani likakula liphimba mtengo wa tikiti."

Anakangana mpaka tiyi anazizira, nagwirizana pa liwu limodzi: "Sungitsani." Aphunzitsi anavomera ngati munthu wochotsedwa dzino.

Wolemba pulogalamuyo anali bambo wonenepa wa ndevu, amene ankamutcha Kamphindi, chifukwa vuto lililonse ukamuonetsa ankati, "Kamphindi kokha, achemwali," ngakhale lotenga sabata.

Koma foni imene Nabatani ankaidalira kuposa zonse sinali m'bokosi muja. Inali kunyumba, m'thumba la jekete la apongozi ake aamuna, amene ankakhala nawo chimwalirire akazi awo. Kafoni kake kanali kakang'ono, kakalekale, ndipo poti maso a mkuluyo anali atachita ng'ala, zilembo anazikulitsa mpaka pothera. Mawu okwana pakafoni kameneko akanakwana paliponse. Ndiponso dzina la mkuluyo linali ndi w wovala kachipewa pamutu, komanso kachizindikiro kaja kolendewera pambuyo pa ng. Tsiku loyamba pulogalamu inalikana, ati dzina losavomerezeka. Kamphindi atakonza, tikiti inatuluka ndi kabokosi pamalo pa w uja.

"Ndakalamba nalo dzina ili, lero makina akundiika m'bokosi ndili moyo?" anatero apongozi, akuseka mpaka kutsokomola.

Nalonso linakonzeka, ndipo mkuluyo anayamba kudzitcha wogwira ntchito wa kampaniyo wosalandira malipiro.

Tsopano Nabatani anali ndi kachizolowezi kake. Pulogalamu ikafuna deti, chala chake chinkangolemba chokha tsiku la ukwati wake, 8 Ogasiti: 08/08. Zaka zonse za ntchito yake ankatero, ndipo madzulo ankauza mwamuna wake, yemwe anali makaniko, kuti, "Lero mwandikwatiranso kasanu." Madeti ena ovuta anali atawayesa kalekale pa Chingerezi, nayenda bwino. Pa chinenero chatsopanochi anangolemba 08/08, tikiti inatuluka 08/08, iye nachonga.

Lachisanu lina la mu Okutobala anasaina. Lolemba pulogalamu inkayenera kupita kwa anthu onse, ndipo abwana anali atakonza kale zolengeza pa wailesi.

Masiku amenewo anthu ochepa osankhidwa anali atayamba kale kugulirapo matikiti enieni, ndipo woyamba anali apongozi. Chipatala cha maso cha mumzinda waukulu chinali chitawaitana kuti akachotsedwe ng'ala mu Novembala, ndipo ankayenera kunyamuka pa 10. Nabatani anawalembera yekha, 10/11, tikiti inaonetsa 10/11, mkuluyo naisunga ngati dzira.

Loweruka masana, Nabatani akuchokera kumsika ndi zikwama m'manja, anapeza apongozi pakhonde akupolisha nsapato. Sutikesi inali pambali, chipewa chili pamwamba pake, malaya oyera atayanikidwa pampando.

"Bambo, kwagwanji?"

"Kwagwa zabwino, mayi. Mawa ndikupita. Achipatala andimvera chisoni, afupikitsa masiku."

"Wakuuzani ndani?"

"Pulogalamu yanu yomweyi."

Anamupatsira kafoni. Uthenga wake unali wa zilembo zazikulu ngati za pachikwangwani: "Musaiwale, mawa muli pa ulendo. Basi inyamuka 6 koloko m'mawa." Mawu onse anali atakwana bwinobwino, opanda kudulidwa. Nabatani anakhala pansi pa sitepe, tomato nagubuduzika m'chikwama. Lero linali pa 10 Okutobala. Mawa pa 11. Iye analemba tsiku kaye, mwezi pambuyo, monga amalembera aliyense. Pulogalamu inawerenga chobwerera: mwezi wa 10, tsiku la 11.

Anatsegula msanga tsamba logulira tikiti nalemba 25/11. Pulogalamu inayankha mwaulemu, m'mawu okoma a Aphunzitsi, kuti deti limeneli kulibe. Inali kufunafuna mwezi wa 25.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "chipatala sichinasinthe kanthu. Ulendo wanu ukadali mu Novembala. Walakwitsa ndine."

Mkuluyo anayang'ana nsapato imodzi yowala, ina isanapakidwe. Kenaka anati, "Ndiye inayi ndiipolishe kapena idikire Novembala?"

Mwamuna wa Nabatani, yemwe anali chigonere pansi pa galimoto ya kasitomala pabwalo, anatulutsa mutu. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka sipanala inamugwa.

"Ndiye kuti wasokoneza zonsezi ndi ukwati wathu?"

"Ndinu amene munasankha tsiku lofanana kutsogolo ndi kumbuyo! Ulitembenuze, ulizondotse, likhala 8 ndi 8 basi. Likanandionetsa bwanji vuto?"

"Ndinasankha dala kuti ndisamaiwale."

"Chikhalirecho mumaiwala."

Koma mtima wa Nabatani unali m'mwamba. Apa anali mkulu mmodzi pakhonde la kwawo. Lolemba akanakhala anthu ambirimbiri pa depoti, ndi ana kumsana ndi katundu pamutu, wina wafika mwezi usanakwane, wina basi yake inapita kale mwezi watha, ena akulephereratu kugula tikiti ya tsiku lililonse lopitirira pa 12. Ndipo pansi pa zonsezo panali siginecha yake. Anaimbira abwana pomwepo, asanaike n'komwe nyama mufiriji.

"Bwana, ndikubweza siginecha yanga."

Kumbali inayo kunamveka mpweya wautali. "Mayi, a wailesi ayamba kulengeza Lolemba m'mawa."

"Alengeze Lachitatu. Kuli bwino atidikire kusiyana n'kuti atitukwane."

"Mwatsimikiza?"

"Apongozi anga ali pano ndi sutikesi."

Abwana anaseka mosafuna, nati aimitsa.

Lolemba m'mawa Kamphindi anakanda ndevu, nasuzumira mkati mwa pulogalamu, napeza gwero lake. Mbali imene imasanja madeti imayendera chinenero chimene munthu wasankha. Chingerezi cha pulogalamuyo chinali ndi malangizo ake oti tsiku lizitsogola. Chinenero chatsopanochi mbali imeneyo sinkachidziwa, ndiye inangobwerera ku kalembedwe kamene inabadwa nako kutsidya kwa nyanja, kotsogoza mwezi. Ndipo poti inkawerenga chobwerera n'kulembanso chobwerera, tikiti inkaoneka yolondola m'maso.

"Kamphindi kokha, achemwali."

"Achimwene, musangotembenuza manambala. Munthu asamalembe yekha deti, azisankha pa kalendala. Ndipo mwezi uzilembedwa m'mawu, tsiku la sabata lizionekanso, pa tikiti ndi mu uthenga momwe. Munthu aziwerenga yekha kuti Lachiwiri, 10 Novembala."

Kamphindi kameneko kanatha Lachiwiri masana. Nabatani anayesa madeti a mtundu uliwonse, pa foni iliyonse ya m'bokosi, pa zinenero zonse ziwiri. Anthu ena ochepa aja amene matikiti awo anasokonekera anawaimbira mmodzimmodzi. Kenaka anatulutsa kafoni ka apongozi kamene anabwereka. Apo tikiti inati: "Lachiwiri, 10 Nove" ndi timadontho titatu.

"Taonani, miyendo yatulukanso!" anakuwa Aphunzitsi mokondwa. "Ulendo uno si ine. Mwezi sindinaupange ndine."

"Tiufupikitse," anatero Kamphindi.

"Ayi," anatero Nabatani. "Tsiku la sabata likhale mzere wapamwamba, deti litsike pansi. Malo alipo."

Linatsika, nakwana. Anasaina kachiwiri dzuwa likupendeka.

Kunena zoona, tikiti ya apongozi akanatha kuigula Loweruka lomwe lija pa Chingerezi, chimene chinalibe vuto. Koma mkuluyo anakana kwamtuwagalu. Anati iye wogwira ntchito wa kampani sangakwere basi ya Chingerezi pamene ya chinenero chake ili m'galaja. Ndiye Lachitatu m'mawa, wailesi ikulengeza m'khitchini, anadina yekha batani la "Sungitsani," foni ataiyandikitsa pamphuno, nawerenga mokweza liwu lililonse ngati akuwerenga m'tchalitchi: "Lachiwiri. 10 Novembala." Anasankha mpando wa pawindo, ati pobwerera adzaone zimene anaphonya popita.

Anapita pa tsiku lake, nsapato zonse ziwiri zikuwala, mwana wawo, mwamuna wa Nabatani, atawaperekeza. Anabwera diso limodzi lili mbee. Atakhala pampando wawo pakhonde anayang'ana nkhope ya Nabatani nthawi yaitali, nati, "Kani mwana wanga anasankha bwino chonchi?" Kenaka anatulutsa kafoni, nadzidzimuka.

"Kodi zilembo zonga njerwazi anaika ndani? Tachepetsani, mayi, anthu angandiyese nkhalamba."

"Pepani Bambo, zimenezo zisiyeni choncho. Ndi chida changa cha ntchito."

Anamvana kuti mwana wawo awagulire foni ina, kakaleko n'kukalowa m'bokosi la nsapato ku ofesi, kumene kakugwirabe ntchito. Ndipo chiyambire pamenepo, pulogalamu ikafuna deti, chala cha Nabatani chimayamba ndi 10/11, kenaka 25/11. Mwamuna wake amadandaula kuti masiku ano sakwatiranso ku ofesi, malo ake analanda ndi bambo ake omubereka. Nabatani amamuyankha kuti 08/08 amalilembabe, koma pomalizira, ntchito yonse itatha, pongofuna kuona kuti chichitike n'chiyani.