Mtengo Wokana Mizu

Kuntchito amawatchula Mayi Mabotolo. Analowa mu labu ya mbande zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ngati wotsuka mabotolo. Kenaka anaphunzira kuphika phala, chakudya choterera chija chimene chimalimba pansi pa botolo kuti tizidutswa ta zomera tikulirepo. Pomaliza anawapatsa kampeni ndi chopanira. Sukulu sanapite nayo patali, koma botolo limene atseka iwo silimera nguwi kawirikawiri.

M'chipinda chokulitsira mulibe dzinja, mulibe chilimwe. Magetsi ndi omwewo, kuzizira ndi komweko. Kuti kunja mvula yayamba, amadziwira matope a pansapato za anzawo.

Lamulo la ntchitoyi anawaphunzitsa ndi a Magalasi, katswiri woyang'anira labu, atatulutsa timabotolo tiwiri ta mankhwala mufiriji.

“Uyu ndi saitokinini, uyu ndi okisini. Saitokinini akaposa mnzake m'phala, kachidutswa kamatulutsa mphukira. Okisini akaposa, kamatulutsa mizu. Akalingana mphamvu, mupeza chotupa, nyama chabe yopanda mutu kapena mwendo.”

Pa nthochi, zimene ankachulukitsa mu labumo, lamuloli linkayenda. Mwezi uliwonse ankadula, kugawa, kudzala m'phala latsopano, ndipo kunyada kwawo kunali kuchuluka kwa mphukira.

Bambo awo anakalambira pa nazale ya mitengo. Kuseri kwa nyumba anali ndi mtengo umodzi wa mapeyala umene unamera wokha. Zipatso zake zinali za nthanga yaing'ono, zopanda ulusi, ndipo zinkakhwima m'nyengo yachisanu mitengo ina itatha kale. Nthanga zake zinkabala mitengo ina, yosafanana ndi make. Nthambi zodula anaziviika mu ufa womeretsa mizu kangapo konse, koma nthambi za mtengo wokalamba zinkangouma. Anamezanitsa iwiri pabwalo pomwepo. Anansi akapempha kanthambi, ankawamana.

Chaka cha mvula yambiri madzi anaima pabwalopo milungu itatu. Mizu inaola. Iwiri ija inayamba kufa, waukulu n'kuyamba kuyoyoka masamba kuchokera kunsonga. Mayi Mabotolo anadula maso makumi anayi a nthambi zimene zinali zikadali zaziwisi, napempha a Magalasi theka la shelefu. Ambiri anada, ena anamera nguwi. Atatu anaphuka. Pofika chilimwe mtengo uja unali nkhuni, ndipo wonse umene unatsala padziko unali m'mabotolo atatu.

Apa anachita zimene manja awo anazolowera. Anadula, anagawa, anadzala m'phala la saitokinini. Ataona kuti zikuchedwa, anaonjezerako pang'ono. Zaka ziwiri anachita zomwezo, mpaka mabotolo anakwana makumi asanu ndi limodzi.

Tsiku lina anatengera botolo limodzi kwa bambo awo. Mkuluyo analiyang'ana padzuwa, nalitembenuza kuti aone pansi.

“Iwe, miyendo ili kuti?”

“Ibwera, bambo. Tikasintha phala.”

“Ana makumi asanu ndi limodzi, onse okhala pansi! Ine ndidzadya masamba a m'botolo?”

“Mukanawagawirako anthu nthambi, si bwenzi tikuvutika chonchi.”

“Usandiweruze ndili moyo, mwanawe. Dikira maliro.”

Anaseka onse, koma bamboyo anachedwa kubweza botololo.

Mayi Mabotolo anasamutsa mphukira makumi awiri kuziika m'phala la okisini. Mwezi unatha, wachiwiri unatha. Muzu ngakhale umodzi. A Magalasi anavula magalasi awo, napenyetsetsa timasamba tonyezimira, tokhuta madzi ngati tathiridwa mafuta.

“Mayi, mwazidyetsa saitokinini nthawi yaitali. Walowerera m'thupi, ndiye okisini wanuyu akuchepa mphamvu. Komanso zachokera ku mtengo wokalamba. Imeneyi si nthochi.”

“Ndiye ndionjezere okisini?”

“Mukaonjeza kwambiri mupeza chotupa. Zipumitseni kaye m'phala lopanda mankhwala, muikemo makala osinja kuti amwe zotsalira. Zikapuma, muziviike mu okisini masiku ochepa mumdima, n'kuzichotsa. Okisini amayambitsa muzu, koma akakhalitsa amauletsa kutalika.”

“Zitheka?”

“Mwina.”

Mawu amenewo anawasenza mpaka kunyumba ngati mtolo wonyowa.

M'phala lakuda la makala mphukira zinapuma, koma kupuma kwake kunali kofooka. Zinaleka kuphuka. Nsonga zinayamba kuda, timasamba n'kumagwera pa phala. Mwa zimene zinapirira mpaka kuviikidwa, palibe inaonetsa muzu. Anayesa kumezanitsa zina pa mbande za nthanga, bambo awo akuwalangiza, koma timphukirato tinali towonda ngati singano ndiponso tofewa. Tinauma tisanagwire.

Chisanu chinadutsa, mitengo ya m'misewu inaphuka masamba ofiira, mabotolo anatsala khumi ndi awiri. Bambo awo analeka kutuluka panja. Analekanso kunyoza, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa mayiwo. Ankangofunsa kuti, “Kaya lero?”

Choncho Mayi Mabotolo anachita chimene anachenjezedwa. Anaphika phala la okisini wochuluka, nadzalamo mphukira za mabotolo asanu ndi atatu, osazichotsa. Patatha milungu isanu, patsinde pa iliyonse panatupa chinthu chotuwa. Pa zitatu, kuchokera m'chotupamo, munatuluka timizu toyera tonenepa.

Anathamangira nazo kwa a Magalasi. Katswiriyo anayang'ana nthawi yaitali.

“Yatulukira pa chotupa, osati pa tsinde. Kawirikawiri yotere siilumikizana ndi misempha ya mtengo. Madzi sakwera.”

“Koma ndi mizu, abwana.”

“Ndi mizu, inde. Yesani.”

Anazitulutsa ndi chopanira, nazitsuka phala m'beseni la madzi ofunda, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Yoyamba, chotupa chinathothoka pamodzi ndi mizu yake n'kuyandama. Ziwiri zinafika m'timiphika ta dothi lophikidwa, pansi pa pulasitiki. Sabata yoyamba zinaima. Yachiwiri zinawerama. Atazizula, mizu inali yoyera bwinobwino, tsinde litauma pamwamba pake.

Madzulo ake bambo awo anafunsa funso lawo lija ali chigonere. Mayi Mabotolo anakonza bulangete, nanena kuti zikuyesetsa.

“Usandinamize, ndagwira mitengo usanabadwe. Atsala angati?”

“Anayi.”

“Ali ndi moyo?”

“Akudwala. M'phala lopumira akutha. Ndikawabwezera ku saitokinini aphukanso, koma ndiye mizu italikiratu.”

Mkuluyo anatseka maso. “Ndiye ukuti kuti mtengowo ukhale moyo, usaime. Kuti uime, ufe kaye.”

“Sindikudziwa, bambo.”

“Inenso sindikudziwa, mwanawe.”

M'mawa Mayi Mabotolo anafika kuntchito mvula yoyamba ikuwaza. Anaika mabotolo anayi aja patebulo. Mu lililonse munali kamphukira kachikasu, nsonga itada, koma m'munsi muli diso limodzi kapena awiri obiriwira. Anayang'ana kwa a Magalasi. Iwo anangotambasula manja, nabwerera ku nthochi zawo.

Mayi Mabotolo anatsegula firiji. Anaima pamenepo mpaka chitseko chinayamba kuchita thukuta. Kenaka anatenga saitokinini, nayesa theka la mlingo wakale, napita kukayatsa mphika wa nthunzi wophikira phala.