Nkhope ya telala, windo lili kumbuyo

Mumsewu monse amamutcha Waukwati, poti zaka zake zathera m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya mafoni, akukonza mavidiyo a maukwati a eni, mwini wake ali mbeta. Anaphunzira ntchitoyi akulota za mafilimu. Masiku ano amangowalitsa akwati.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye, mkazi wa telala wina amene anamwalira chaka chatha. Anali ndi kavidiyo kamodzi kokha ka malemuwo. Telalayo ali pa makina ake, akunyoza makasitomala onenepa, koma windo lili kumbuyo kwake. Foni inatsata kuwala kwa panja: madiresi opachikidwa pakhonde akuoneka bwinobwino, munthuyo ndi chithunzithunzi chakuda bii.

"Nkhope yawo yayamba kundithawa, mwanangu," anatero mayiwo. "Ndikatsinzina ndimangoona tepi yoyezera ya m'khosi mwawo."

Waukwati anayamba wakweza kuwala kwa chithunzi chonse kuti aone. Windo linayera mbuu, madiresi n'kuzimirira.

"Ayi, madiresiwo asiye. Anasoka okha amenewo."

Anabweza. Kenako anajambula masiki, kabwalo konga dzira kozungulira nkhope yokha, kuti kuwala akweze m'kati mwakemo basi. Anafewetsa m'mphepete mwake kuti pasaoneke mzere, n'kuuza kompyuta ilondole mutuwo ukamayenda. Koma telala sankakhazikika. Akaweramira singano, kompyuta inkamutaya, masiki n'kutsala pa windo ngati mwezi. Zikatero Waukwati ankaikoka ndi dzanja, chithunzi chimodzichimodzi.

"Ngakhale kutchalitchi ankatero," mayiwo anaseka pang'ono. "Ngati pampando pali nyerere."

Masiki itagwira, anakweza kuwala pang'onopang'ono. Windo silinasinthe. Mumdima muja munatuluka chipumi, kenako khutu. Pamene panayenera kukhala maso panatuluka timabokosi tobiriwira ndi timadontho tovinavina ngati mchenga. Atachotsa timadonthoto, nkhope inasalala ngati ya chidole cha m'sitolo ya zovala.

"Vidiyoyi inachita kutumizidwa pa meseji, eti mayi? Ikamatumizidwa imafinyidwa, ndipo za mumdima ndi zimene zimayamba kutayidwa. Foni imene inajambula ili kuti?"

"Inali ya mwana wanga, anamubera m'basi."

Waukwati anachotsa dzanja pa mausi ya kompyuta. Akanatha kunena kuti abwerenso mawa, monga amauzira akwati, koma mayiwo anali atasendeza kale mpando, mphuno pafupi ndi sikirini.

"Uyu si iwo," anatero. "Khutuli mwina."

"Masiki imawalitsa zimene zilipo, mayi. Zimene kulibe sindingazipange."

Pa sikirini telala anapitiriza kuseka nthabwala yake yomwe.

"Chotsa dzira lakolo. Abwezere mumdima mwawo, ndizingowamva."

Waukwati anazimitsa masiki, n'kukweza mawu.