Tsiku limene tinakwawa pansi pa chingwe

Nyumba yathu ya ku Mtakataka inali ya njerwa zootcha koma yofolera ndi udzu, ndipo kunsi kwa udzuwo abambo anayalako pulasitiki wakuda kuti mvula isamadonthe. Inali ndi balaza ndi zipinda ziwiri. M'chipinda chakumaso munkagona abambo, amayi ndi mlongo wanga amene anali akuyamwa. Chakumbuyo tinkagonamo ine ndi agogo, amayi awo a amayi anga, omwe anasamukira kwathu nyumba yawo itagwa ndi mvula. Nthawiyo ndinali kamtsikana ka sitandade fili. Agogo ankavutika mawondo. Kuti adzuke pamkeka pankafunika ndodo, khoma ndi phewa langa, zonse pamodzi.

Abambo ndi agogo sankayankhulana. Sikuti anayambana ayi. Unali ulemu wa mkamwini ndi apongozi ake, ndipo awiriwa ankausunga mopitirira anthu onse amene ndikuwadziwa. Abambo akamalowa m'nyumba ankayamba atsokomola panja, agogo n'kutembenukira kukhoma kapena kufunda chitenje kumutu. Uthenga wonse unkadzera mwa ine. "Uwafunse agogo ako ngati adzuka bwino," abambo ankatero, agogowo ali pompo akumva. Kuchipinda kwa agogo abambo sankapondako, ngakhale kusuzumirako.

Chaka chimenecho nyumba ya anzathu ena kutsidya kwa msewu inapsa. Kandulo anagwira neti yotetezera udzudzu, neti n'kugwira denga. Palibe anafa, koma mwana wawo wamng'ono anam'peza atabisala kuseri kwa matumba a chimanga atakomoka, moto usanam'khudze n'komwe. Anagona kuchipatala masiku angapo. Amayi atapita kusikelo ndi mlongo wanga, mlangizi wa zaumoyo anawafotokozera azimayi onse zoyenera kuchita utsi ukadzaza m'nyumba, n'kuwauza kuti kumva kokha sikokwanira, akayeserere ndi mabanja awo. Azimayi ena anangoseka. Amayi anga si munthu womva chinthu n'kuchisiya panjira.

Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, anatisonkhanitsa pakhonde. Agogo anakhala chakumbali atatipatsa msana, chifukwa abambo analipo. Amayi anati chimene chimayamba kugwetsa munthu ndi utsi, makamaka utsi wakuda wa pulasitiki ngati wathu uja. Utsi wotentha umakwera m'mwamba, mpweya wabwinoko umatsala pansi, ndiye munthu azituluka chokwawa. Woyamba kuona moto akuwe kuti onse adzuke. Palibe kubisala, palibe kutola katundu. Chitseko chotseka uyambe wachikhudza ndi kuseri kwa dzanja, chikatentha usatsegule, upite kukhomo lina. Wotuluka pomaliza atseke chitseko kuti moto usakule msanga. Tonse tikakumane patsinde pa mtengo wa bwemba umene unali pabwalo pathu, ndipo amene watuluka asabwererenso m'nyumba zivute zitani.

Abambo anati ngati n'kuyeserera tiyeserere zenizeni, ayatse masamba aawisi pambaula m'nyumbamo kuti utsi tiuone. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo inu, mukufuna tiotche nyumba pophunzira kuthawa moto?"

M'malo mwake amayi anatenga chingwe choyanikira zovala n'kuchikulunga pabalaza uku ndi uku, m'misomali ndi pazenera, chofika m'chiuno mwawo. Anati kumwamba kwa chingwe ndi utsi, ndipo amene mutu wake upitirire chingwecho wakomoka.

Tisanayambe n'komwe, nyumba yathu inatichititsa manyazi. Khomo lakuseri linali litatsekedwa ndi matumba a chimanga kuyambira nthawi yokolola. Khomo lakumaso abambo ankaliyedzamiritsa njinga yawo ya kabaza usiku uliwonse, kuti wakuba akakankha chitseko njingayo igwe iwadzutse. Kiyi ankagona m'thumba la buluku, ndipo bulukulo linkagona paliponse pamene mwini wake walivulira. Tinasuntha matumba, njinga inapeza malo pakona, kiyi anam'khomera msomali m'munsi pafupi ndi chitseko, poti ngakhale ine wokwawa ndim'fikire. Abambo anadandaula za njinga yawo mpaka ntchito yonse kutha.

Kenako aliyense anakagona pamalo pake, maneti atatsitsidwa ndi kupanikizidwa kunsi kwa mikeka monga timachitira usiku. Amayi anamenya chivundikiro cha poto n'kukuwa kuti moto. Ine ndinalimbana ndi neti kaye, popeza ndinali nditaipanikiza kwambiri. Nditatulukamo ndinagwira agogo dzanja. Anayesa kugwada kuti akwawe, mawondo anakana. Anayesa kuima, koma ndodo inali patali, ndiponso kuima kunali kulowetsa mutu mu utsi. Ndinawakoka ndi mphamvu zanga zonse, osasuntha ngakhale pang'ono.

"Pita iwe," agogo anatero. "Ine mundisiye. N'zamasewera izi."

Sindinapite. Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kumamvera amayi panja akuitana mmodzimmodzi. Abambo anayankha. Mlongo wanga anali kumsana. Dzina langa linaitanidwa kawiri, ine duu. Ndinkadziwa kuti kulibe moto, dzuwa linkalowa pazenera, nkhuku zinkalira panja, koma mantha anandigwira enieni. Ndinaona kuti tsiku la moto weniweni zidzakhala chimodzimodzi, onse kubwemba, agogo m'chipinda muno okha.

Amayi anathetsa masewerawo n'kubwera kudzaima pakhomo la chipinda chathu. Anali atakwiya.

"Iwe, ndinati chiyani? Mwana amatuluka. Sadikira munthu."

"Nanga agogo atuluka ndi ndani?"

 Amayi anali ndi khanda loti alinyamule, ndipo kukwawa ndi mwana n'kumakokanso munthu wamkulu sizikanatheka. Ine ndinali nditalephera kale. Wotsala anali mmodzi yekha, ndipo tonse tinkamudziwa. Anali ataima pabalaza kuseri kwa khoma, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga nsungwi.

Amayi anafotokoza m'mene mlangizi uja ananenera za munthu wosatha kuyenda. Umam'goneka chagada pabulangete, n'kugwira nsonga zakumutu, n'kumakoka ukubwerera chambuyo uli chogwada. Anati abambo akamatuluka m'chipinda chawo azidzera kwa agogo kaye, chifukwa akafika panja kubwerera kulibe. Abambo anatsokomola. Agogo anakoka chitenje kumutu.

"Uwauze amayi ako," anatero agogo kwa ine, "kuti ine sindinakulire kukokedwa ndi akamwini ngati thumba la makala. Anthu akamva adzati chiyani? Moto ukabwera udzandipeze pompano."

"Uwauze agogo ako," abambo anayankhira kuseri kwa khoma, "kuti ine ndilibe mawu. Chipinda n'chawo."

Ndinapsa mtima ndi onse awiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsabe mtima pang'ono. Anthu akuluakulu, aliyense kubisala kuseri kwa ulemu wake, uthenga wa imfa n'kumautumiza kwa mwana. Sindinapereke uthenga wa aliyense. Ndinauza amayi kuti andikalipire m'mene angafunire, koma moto ukadzabuka ine sindidzatuluka, ndidzakhala ndi agogo monga ndachitira lero. Sindinanene mowaopseza. Ndinkangonena zimene ndinkadziwa kuti ndidzachita, ndipo misozi inali itayamba kale kutsika.

 Agogo anavundukula chitenje pang'ono n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikankha phewa.

"Chitsiru cha mwana," anatero. "Tenga bulangete ilo uyale apa."

Ndinayala. Anadzikhwekhwereza okha mpaka kufika pakati pake, n'kugona chagada, n'kufunda chitenje nkhope yonse. Mawu anatulukira m'chitenjemo.

"Uwauze abambo ako kuti chivundikiro chikalira alowe. Koma iwe ndikamve kuti wayankha kubwemba. Ukatsalanso muno, ine sindichoka."

Amayi anati kuyambira tsikulo bulangetelo lizikhala loyala kunsi kwa agogo usiku uliwonse, kuti pasadzakhale zofunafuna. Tinatsitsanso maneti, aliyense n'kubwerera pamalo pake. Chivundikiro chinalira. Ulendo uno neti ndinaitukula kamodzi, n'kutukulanso ya agogo, n'kuyamba kukwawa. Pabalaza ndinadutsana ndi abambo nawonso ali chokwawa, kulunjika kumene sanapiteko chibwerere apongozi awo. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wopita kukazula dzino. Kusiya agogo m'mbuyo kunandiwawa kuposa mawondo amene ankakhulika pansi, koma sindinacheuke. Amayi anali patsogolo ndi mwana, anakhudza chitseko ndi kuseri kwa dzanja, anatenga kiyi pamsomali, n'kutsegula. Ndinathamangira kubwemba, ndipo atandiitana ndinayankha mokweza kuti am'nyumba amve.

Tinadikira. Ana a anzathu anali atasonkhana kumpanda, ndi azimayi awiri ochokera kumjigo atatula zidebe zawo kuti aonerere bwino. Choyamba kutuluka pakhomo chinali mapazi a abambo, kenako msana wawo wonyowa ndi thukuta, kenako bulangete ndi mtolo wofundidwa chitenje. Pakhomo pathu panali kachitunda ka simenti kotchinga madzi a mvula, ndipo podutsa pamenepo tinamva kuti gu. Abambo anakankhira chitseko kuti chitsekeke monga amayi ananenera, n'kupitiriza kukoka m'fumbi mpaka patsinde pa bwemba. Anasiya nsonga za bulangete n'kusunthira patali, maso ali pansi. Azimayi aja anaseka mpaka wina kugwira m'mimba.

Amayi anatiitana mmodzimmodzi, ndipo tonse tinalipo. Agogo anadzuka n'kukhala tsonga, akusisita kunkhongo. Ine ndinasendera pafupi kuti ndilandire uthenga monga mwa masiku onse, koma anandikankhira kumbali ndi chigongono. Anatsitsa chitenje mpaka pachibwano n'kutembenukira kwa abambo.

"Bambo, mwandigunditsa mutu pakhomo paja. Muzitukula pang'ono mukafika pamenepo."

Abambo anayang'ana kwa ine kaye, ngati kuti yankho lidzere kwa ine. Ine ndinayang'ana kumbali. Anapukuta manja pabuluku.

"Pepani, amayi," anatero.

"Chabwino," agogo anatero. "Tiyeni tibwerezenso."