Ntchito Imene Ba Fredrick Anakana

Ba Fredrick Lungu anaphunzitsa zaulimi ku Chinyunyu mpaka kupuma pantchito. Kenako ankamasulira timapepala ta mbewu ndi feteleza kuchoka m'Chingelezi kupita m'Chinyanja. Akazi awo, ba Inutu, amene anali namwino, ankamasulira zachipatala. Onse ankagwiritsa ntchito imelo imodzi.

Ba Inutu anamwalira chimanga chitayamba kuuma. Patapita masabata angapo, bungwe lina la ku Lusaka linatumiza pepala la kamwedwe ka mankhwala a shuga kuti limasuliridwe. Uthengawo unayamba ndi moni kwa ba Inutu.

"Atate, mawu onsewa mumawadziwa," anatero mwana wawo Carol. "Bwanji osangomasulira?"

"Ndikalakwitsa pa feteleza, chimanga chimafota. Nanga apa chingafote n'chiyani?"

Ba Fredrick analemba yankho pafoni ndi chala chimodzi: "Zikomo potikumbukira. Ba Inutu anatisiya mwezi watha. Ine ndimamasulira zaulimi zokha, za mankhwala sindingaziyese. Funsani ba Njavwa Sakala, mnzawo wa ba Inutu, namwino wopuma pantchito wa ku Mpanshya, kapena omasulira zachipatala a ku Lusaka. Dokotala aliwerengenso lisanasindikizidwe."

Pa mawu akuti "anatisiya" anaima nthawi yaitali, mpaka foni inazima m'manja. Carol ndiye anatumiza.

Ntchitoyo anaitenga ba Njavwa. Tsiku lina ba Njavwawo anaimba foni, ba Fredrick nayankha.

"Ba Lungu, mawu ena andivuta. Ndinangoona ndayamba kuimba nambala ya Inutu."

Mwa awiriwo, palibe amene anadula foni.