Timadontho Toyera pa Mbale Yanga

Ada, bambo anga, atagwa sitiroko ndinasiya chubu changa mufiriji ya labu ya kuyunivesite n'kukwera minibasi ya ku Chintheche. Ndinali chaka chomaliza. Ndinkati ndikubwera Lolemba, koma shopu inafuna wogulitsa, ada anafuna wowatembenuza, ndipo mwana wamwamuna ndine ndekha.

M'chubumo munali ntchito yanga yonse. Pulasimidi, kamkombero ka DNA, ndinaidula ndi enzaimu pamalo amodzi, pakati pa jini yopangitsa mtundu wa buluu. Kachidutswa ka DNA ya kachilombo ka chinangwa, kochokera m'masamba a m'munda wa ama, mayi anga, ndinakadulanso ndi enzaimu yomweyo kuti nsonga zigwirizane. Kenako ligezi, yolumikiza. Ukalowetsa zimenezi m'mabakiteriya n'kuwafesa pambale ya ampisilini, mankhwala opha mabakiteriya, ndi X-gal yotulutsa mtundu wa buluu uja, amamera okhawo amene alandira pulasimidi. Dontho la buluu ndiye kuti mkombero wangodzitseka wopanda kanthu. Loyera, kachidutswa kalowa n'kuswa jini ija. Ine ndinkafuna loyera. Mankhwala oletsa mkombero kudzitseka wokha labu inalibe.

Aphunzitsi anati dontho loyera limodzi lokha lenileni likapezeka teremu isanathe andisungira malo anga pasukulu. Mnzanga wa ku Dedza anavomera kundifesera. Anafesa Lachisanu, n'kupita kumaliro. Chithunzi cha mbaleyo chinafika Lolemba ndikuyezera munthu mafuta ophikira, kenako foni yake.

"Aise, konza chikwama. Zoyera mbwee."

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala zamafuta. Madontho akuluakulu onse anali a buluu. Toyerato tinali ting'onoting'ono, titazungulira lililonse la buluu ngati anapiye.

"Mbaleyi yakhala mu inkyubeta kuyambira liti?"

"Lachisanu lomwe lija. Maliro, aise. Ukanafuna ndiwauze adikire kaye?"

"Pali loyera lalikulu lili palokha?"

Panalibe. Ankadziwa ngati ine. Mbale ikakhalitsa, a buluu aja amawononga ampisilini wowazungulira, ndiye mabakiteriya opanda pulasimidi n'komwe amamera pamenepo. Amayera chifukwa mulibe chilichonse.

"Nditolako tingapo, mwina," anatero.

"Zifese pa ampisilini watsopano uone ngati zimere. Chubu chija chatsalamo?"

"Ndinathira chonse. Ndimafuna zichuluke."

Ama anali pakhomo la shopu ndi beseni la chinangwa chovuula, madzi akudontha m'zigongono. Anali atamva mawu oti chikwama akutuluka mufoni.

"Akuitana kusukulu?"

"Ayi, ama."

"Nanga zoyera zija umanena?"

"Zayera zolakwika."

Anandiyang'ana, n'kunena kuti ada akufuna kutembenuzidwa. Wamafuta uja anali akadaima ndi botolo lake.

Mnzangayo anafesadi. Sipanamere kanthu. Kudulanso kunkafuna ine ndili pomwepo, milungu ingapo, ndipo teremu inali kutha. Aphunzitsi anaimba foni kundiuza kuti malo aja sangawasungenso, mwaulemu kwambiri, mpaka ndinalakalaka akanangonditukwana.

Chithunzicho chikadali mufoni. Nthawi zina shopu ikakhala zii ndimachikulitsa m'mbali mwa mbale, mmene kuwala kwa windo kunabisa pang'ono, kufunafuna loyera lalikulu lili palokha. Palibe.